Momwe mungadziwire perefyumu wa feki pa zithunzi musanatumize ndalama

Ife a kuno ku Mulanje perefyumu wabwino timagula kwa ogulitsa a ku Limbe kapena ku Lilongwe, amene amaika katundu pa WhatsApp n'kutumiza botolo pa minibasi. Ndiye kuti ndalama imapita kaye pa Airtel Money kapena Mpamba, mphuno isananunkhize kanthu. Chimene muli nacho ndi chithunzi basi.

Choyamba, kanani chithunzi chowala bwino chija chimene wogulitsa waika pa sitetasi, chifukwa nthawi zambiri amachitenga pa intaneti. Muuzeni ajambule botolo limene ali nalo m'manja, pambali pake aike kapepala kolembapo tsiku la lero. Atumize posankha Document, osati ngati chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi ndipo tizilembo ting'onoting'ono timafufutika. Mufuna kumbuyo kwa bokosi, pansi pa bokosi, pansi pa botolo, ndi botolo lovula chitsekerero. Akayamba zoti data yatha, musakayike, pali chimene akubisa.

Pulasitiki yokuta bokosi iyenera kugwira thina, yopanda makwinya. Kumbuyo kumene yalumikizana mzere wake ukhale woongoka ndi wopyapyala, ngati mamilimita 5 kapena kuchepera, womatidwa ndi kutentha. Mukaona madontho a guluu, kapena m'makona mwapindidwa ngati mmene timakutira mphatso ya pa chinkhoswe, siyani. Koma dziwani kuti ena enieni sabwera ndi pulasitiki n'komwe, makamaka a tesita, mabotolo oyesera fungo m'sitolo, ndiye kusowa kwake si umboni.

Tsopano pamene ine ndinapsa. Pansi pa bokosi pamakhala manambala awiri osiyana. Pali bakodi, timizere takuda tija, imene imafanana pa mabotolo onse a mtundu umodzi ndi kukula kumodzi. Ndiye pali bachi kodi, kagulu kakafupi ka manambala kapena osakaniza ndi zilembo, kosonyeza gulu limene botololo linapangidwira. Imeneyi imasintha gulu ndi gulu, choncho amaidinda pambuyo pake, bokosi litasindikizidwa kale. N'chifukwa chake imaoneka yosiyana ndi zilembo zina zonse: yobooka m'katoni, yotentha ndi leza, kapena ya inki ya timadontho. Nambala yomweyo iyenera kupezeka pansi pa botolo, pa galasi kapena pa kasitika.

Chaka chatha ndinaitanitsa botolo la mamililita 100 pa K45,000, mtengo umene unkayenera kundichenjeza kale. Mayi wogulitsayo ananditumizira pansi pa bokosi ndi pansi pa botolo, manambala n'kufanana bwinobwino. Ndinatumiza ndalama ndikumwetulira. Botolo ndinakalandira pa siteji ya Chitakale, ndinadzifayira m'mawa, pofika ku Boma fungo linali litapita, kutsala kafungo ka sipiriti. Madzulo ndinatenga bokosi lija n'kuyendetsa chala pa nambala. Panali posalala, inki yake yomweyomweyo ya zilembo zina, kukula kofanana. Anangojambula bokosi lenileni ndi nambala yake yomwe n'kusindikiza zonse pamodzi. Mnzanga wina wa ku Luchenza anagula kwa mayi yemweyo patapita miyezi inayi, nambala yake inali yomweyo ndi yanga.

Ndiye kufanana kwa manambala sikokwanira. Muuzeni ajambule nambalayo chopendeketsa, kuwala kwa pawindo kukuchokera m'mbali. Yobooka imaonetsa kamthunzi m'mphepete, ya timadontho mukaikulitsa timadonthoto timaoneka. Ngati ali ndi mabotolo angapo a makampani osiyana onse nambala imodzi, nkhani yatha. Pali masamba a pa intaneti amene mukalembapo nambalayo amakuuzani nthawi imene anapangidwa, koma nambala yokopera nayonso imadutsa, ndiye musawadalire kwambiri. Bokosi likakhala losatsegula simungaone pansi pa botolo, apo mugwirizane kuti mudzatsegula pa vidiyo likafika, ndipo zikasiyana abweza ndalama.

Kampopi kofayira kaimirire mowongoka, kabowo kake kali pakatikati, chitsulo cha m'khosi chitagwira galasi popanda mpata. Yang'anani kapaipi ka m'kati. Mwa enieni ambiri n'kopyapyala, kosaoneka bwino m'madzimo, kongopindika pang'ono pofika pansi. Ka feki n'konenepa, koyera, nthawi zina kotalika mpaka kugona pansi pa botolo. Kavidiyo ka masekondi asanu akufayira kamathandiza: azituluka ngati nkhungu, osati kulavula madontho.

Pa galasi musanyengeke ndi kulemera, a feki nawonso amanenepetsa pansi. Aliimike patebulo pafupi ndi windo, muone ngati pansi pake m'kati mwatsetsereka mbali imodzi, ngati muli tithovu m'galasimo, kapena mzere wa chikombole wotukuka m'mbali. Chitsekerero chikhale chokwana, chisamagwedere.