Fomula ya a(n) popanda kuwerenga nambala imodziimodzi

"Achimwene, kuno ku Chichiri atipatsa a(n) = 5a(n−1) − 6a(n−2), a(0) = 1, a(1) = 4. Fomula yake ndiipeza bwanji?"

Choyamba, mng'ono wanga, paliponse pali a(n) ikapo rⁿ, kenako ugawe zonse ndi rⁿ⁻². Utsala ndi ikweshoni iyi:

```
r² − 5r + 6 = 0
(r − 2)(r − 3) = 0
```

Samala zizindikiro posamutsa, ambiri amagwera pamenepa: −6 akawoloka amasanduka +6.

Tsono r ndi 2 kapena 3. Popeza ndi zosiyana, lemba a(n) = A·2ⁿ + B·3ⁿ. Manambala awiri oyamba aja ndiwo akupatse A ndi B:

```
n = 0:  A + B = 1
n = 1:  2A + 3B = 4
```

Chulukitsa mzere woyamba kawiri, uchotse pa wachiwiri, upeza B = 2, ndiye A = −1. Fomula ndi a(n) = 2·3ⁿ − 2ⁿ.

Usathamangire kupereka, yesa kaye n = 2. Lamulo lija likupereka 20 − 6 = 14, fomula nayo 18 − 4 = 14. Zikasiyana, bwerera ku zizindikiro.

Tsiku lina r adzatuluka mmodzi yekha, monga pa (r − 3)² = 0. Pamenepo A ndi B amangophatikizana, choncho lemba a(n) = (A + Bn)·3ⁿ.