Momwe mungapezere adiresi yeniyeni ya kanema wa pa tsamba la intaneti

Mlangizi wina wa zaulimi ku Ngabu anandipeza ndi laputopu yake. Bungwe lomwe amagwira nalo ntchito linaika pa tsamba lake kanema wa mphindi 10 wa kapoperedwe ka thonje, ndipo linamulola kuti akaonetse alimi. Koma kumidzi komwe amapita netiweki imabwera mwa apo ndi apo, ndipo pa tsambalo panalibe batani lokoperera. Tinamupeza kanemayo, ndipo njira yake ndi iyi.

Kanema yemwe mukumuona pa tsamba sakhala m'tsambamo. Amasungidwa kwina, ndipo pulogalamu yanu yotsegulira intaneti imachita kukamutenga. Chilichonse chomwe yakatenga chimalembedwa, ndiye ntchito yathu ndi kuwerenga kaundula ameneyo. Pakufunika kompyuta, chifukwa Chrome ya pa foni ilibe zida zimenezi.

Tsegulani tsambalo mu Chrome, Edge kapena Firefox, kenako dinani F12. Pambali kapena pansi patuluka zenera lina. Sankhani pomwe palembedwa Network. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: kaundulayu amalemba zokhazo zomwe zachitika zenerali lili lotsegula. Choncho dinani F5 kuti tsamba liyambirenso, ndiyeno muyambitse kanema. Mizere idzadza mbwee, koma isakuopseni. Dinani Media kuti patsale za kanema ndi mawu zokha.

Mukachita mwayi muona mzere umodzi wokhala ndi .mp4, ndipo pa Status pali 206. Nambala imeneyi si vuto ayi, ikungosonyeza kuti fayilo ikubwera pang'onopang'ono, osati yonse kamodzi. Dinani mzerewo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Copy, kapena Copy Value ngati muli mu Firefox, kenako Copy URL. Ikani adiresiyo pa tsamba latsopano. Kanema akaseweredwa yekha pa tsamba lakuda, mwamupeza, ndipo Ctrl+S imusunga.

Kwa mlangizi uja sizinatero. Pa Media panalibe kanthu, ndipo titayang'ana mu Elements, gawo lina la zenera lomwelo loonetsa momwe tsamba linalembedwera, tinapeza adiresi yoyamba ndi blob:. Imeneyo musataye nayo nthawi. Ndi dzina longoyembekezera lomwe limagwira ntchito m'kati mwa tsamba lomwelo basi, moti mukalitumizira mnzanu silitsegula kanthu. Chomwe likukuuzani n'chakuti kanemayo akubwera m'tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo penapake pali fayilo yolongosola ndondomeko ya tizidutswato.

Bwererani ku Network, dinani All, ndipo m'kabokosi ka Filter lembani m3u8, womwe ndi mtundu wa fayilo ya ndondomekoyo. Pakapanda kutuluka kanthu yesani mpd. Ife tinapeza mafayilo awiri a m3u8. Titadina yoyamba ndi kutsegula Response, tinaona zonga izi:

```
#EXT-X-STREAM-INF:BANDWIDTH=800000,RESOLUTION=640x360
360p.m3u8
#EXT-X-STREAM-INF:BANDWIDTH=5000000,RESOLUTION=1920x1080
1080p.m3u8
```

Kwa ife a kuno ku Chigwa cha Shire, amene bandulo timagula mochita kuwerengera, mizere imeneyi ndi yofunika kuposa ina yonse. Nambala ya BANDWIDTH mukaigawa ndi 8 mupeza mabayiti omwe amadyedwa pa sekondi. Ya 800000 ndiye kuti pafupifupi mamegabayiti 6 pa mphindi, kapena 60 pa kanema yense wa mphindi 10. Inayo ikanadya pafupifupi 375. Alimi okhala pansi pa mtengo kuonera pa laputopu amaona bwinobwino pa 640x360 momwe munthu akugwirira mpope, choncho tinasankha yaing'onoyo. Popeza 360p.m3u8 yalembedwa yopanda chiyambi, adiresi yake yonse ndi ya fayilo yoyamba ija, mutangosintha dzina la kumapeto.

Muyese kaye mu VLC: dinani Ctrl+N, ikani adiresiyo, muone ngati chithunzi ndi mawu zonse zikutuluka, chifukwa masamba ena amatumiza mawu pa fayilo yawoyawo. Zikayenda, pulogalamu ya ffmpeg ilumikiza tizidutswa tonse kukhala fayilo imodzi. Mukaiika pa kompyuta, lembani lamulo ili mu Command Prompt kapena Terminal, n'kuika adiresi yanu m'malo mwa yachitsanzoyi:

```
ffmpeg -i "https://example.com/360p.m3u8" -c copy thonje.mp4
```

Poyamba inatikanira ndi 403. Tinali titakopera adiresi m'mawa, magetsi n'kuzima, n'kudzayesa madzulo. Maadiresi ambiri amakhala ndi mchira wautali pambuyo pa chizindikiro cha ?, wokhala ndi mawu onga token kapena expires, ndipo nthawi yake ikatha safunanso kutsegula. Tinayambitsanso tsamba, n'kukopera adiresi yatsopano yonse ndi mchira wake womwe, ndipo inatheka.

Pali akanema ena otsekedwa dala, monga a Netflix. Tizidutswa tawo mutha kutiona mu Network, koma n'tokhomedwa ndi kiyi, ndipo VLC kapena ffmpeg sizingatitsegule. Amenewo asiyeni. Ngakhale kanema wosatsekedwa ali ndi mwini wake, ndiye musanamukopere kuti mukaonetse anthu ku Bangula kapena ku Nsanje, pemphani kaye chilolezo monga anachitira mlangizi uja.