Momwe mungadziwire ngati masheya anu akunja akupinduladi reti ikamasintha

Enafe tikugwira ntchito kuno ku Harare timalandira madola, masheya tikugula a ku Joni omwe mtengo wake uli mu marandi, pomwe nyumba tikumanga kumudzi komwe simenti ndi malata timalipira makwacha. Ndalama zitatu zimenezo, ndipo iliyonse ili ndi mayendedwe ake. Ine zinandionekerapo mu 2023, ndiye ndati ndikuuzeni momwe ndimawerengera pano.

Choyamba, tsiku lomwe mukutumiza ndalama kwa buloka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, lembani mu kope madola omwe atuluka m'thumba mwanu, kuphatikiza zomwe banki yadula, komanso reti yomwe akupatsani. Osati reti ya pa foni ija mumaiona mukalemba USD/ZAR ayi, imeneyo palibe amene angakupatseni, banki ili ndi reti yake yogulira ndi ina yogulitsira ndipo pakati pakepo ndi pomwe amadyerapo, popita komanso pobwera. Anyamata osintha ndalama mumsewu cha ku Roadport aja reti yawo imakoma m'makutu, koma risiti mulibe, ndiye tsiku lomwe buloka kapena banki idzafunse komwe ndalama zinachokera mudzangoti kakasi. Za aja a m'magulu a WhatsApp olonjeza kukuchulukitsirani ndalama pa sabata sindinenako n'komwe.

Kutsegula akaunti ndi kugula sheya mukudziwa kale, tidumphe.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwa, musamakhulupirire nambala yobiriwira ya pa apu ya buloka. Kumayambiriro kwa 2023 ndinaika $1,000, reti ili cha m'ma 17, zinandipatsa R17,000. Pofika kumapeto kwa Meyi masheya anali atakwera ndi 10 peresenti, apu ikuonetsa R18,700, ine ndiye kumwetulira mu kombi yopita ku Mufakose, mpaka kuwaimbira mayi a kunyumba kuti malata aja atheka. Ndinagulitsa. Chomwe sindinayang'ane n'choti randi inali itagwa m'miyezi yomweyo, dola imodzi ikufuna marandi 19.50. Tengani kakyuleta, R18,700 kugawa ndi 19.50 ikutuluka $959. Ndinaika 1,000, ndabweza 959, ndipo apo buloka ndi banki asanadule zawo. Sheya inakweradi, apu sinaname, koma randi inagwa kwambiri kuposa mmene sheya inakwerera, phindu lonse linathera pamenepo n'kudyanso ku mpamba.

Ndiye pano ndisanagulitse ndimachita kasamu kamodzi basi. Ndimatenga marandi omwe masheya akukwana lero n'kugawa ndi madola omwe ndinaika. Pa nkhani yanga ija 18,700 kugawa ndi 1,000 ndi 18.70, ndiye kuti reti ya 18.70 ndiyo malire anga. Banki ikamandigulitsa dola pansi pa 18.70 ndapindula, ikapitirira pamenepo ndaluza ngakhale apu iwale chotani. Zimathekanso mosemphana, sheya osasuntha n'komwe koma randi n'kulimba kuchoka pa 19 kufika pa 17, madola anu achuluka inu mutangokhala. Komanso dziwani kuti makampani okumba golide amagulitsa golide wawo mu madola, ndiye randi ikagwa masheya awo kawirikawiri amakwera mu marandi, mumaona ngati mwalemera pomwe mbali ina ya kukwerako ndi randi yofooka chabe.

Chachitatu, dzifunseni kuti ndalamayi mudzaidyera kuti. Ngati ndi ya lendi ndi fizi kuno, werengani mu madola. Ngati ndi ya kumudzi pali reti inanso. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. $959 yanga ija, yomwe ndinangoisunga chifukwa chokhumudwa, inachoka pa K1.13 miliyoni kufika pa K1.63 miliyoni usiku umodzi. Musaombe m'manja msanga, simenti ndi malata nazo zinakwera, ndiye funsani kaye mtengo wa thumba kwa amene akukuyang'anirani ntchito kumudziko musanati mwapindula.

Amene gawo lina la malipiro mumalandira mu ZiG muli ndi ndalama yachinayi. Ndalamayi inayamba mu Epulo 2024, pofika Seputembala chaka chomwecho inali itatsitsidwa kale ndi maperesenti opitirira 40, ndiye poyambira kuwerenga pakhale pa madola omwe mwagwira m'manja.

Zotsalazo n'zachidule. Musasinthe ndalama yonse tsiku limodzi, igaweni kangapo, bola mtengo wotumizira usakudyeni. Ndalama yomwe mukuifuna miyezi itatu ikubwerayi isapite ku masheya. Phindu lomwe makampani a ku Joni amagawa limabwera mu marandi msonkho atadula kale, nalonso ligaweni ndi reti ya tsikulo n'kulemba mu kope lomwe lija. Ngati zonsezi zakutopetsani, pa msika wa VFEX wa ku Victoria Falls masheya amagulitsidwa mu madola, za randi kulibe, kungoti makampani ake ndi ochepa ndipo tsiku lina mutha kufuna kugulitsa osapeza ogula.