Dalaivala wanu akamachedwa kufikitsa katundu: kalata yomuthandiza kukonza ntchito yake

Eni mabekale, mahosero ndi ena nonse amene mumatumiza katundu pa galimoto kuno ku Thyolo ndi Mulanje, dandaulo lanu lokhudza madalaivala ochedwa ndimalimva kawirikawiri. Ambiri mumakalipa pakamwa kwa miyezi, kenako tsiku lina mtima ukawawa mumangomulanda makiyi. Pakati pa kukalipa ndi kuchotsa munthu ntchito pali sitepe imene imadumphidwa, ndiyo kalata yomuuza dalaivala chimene chalakwika, chimene akuyenera kusintha, thandizo limene mumupatse, ndi nthawi imene mwamupatsa kuti asinthe. Kalata imeneyi imasiyana ndi ya chenjezo. Ya chenjezo ndi chilango pa zimene zachitika kale, pamene iyi ndi dongosolo la masabata akubwerawa.

Tiyerekeze kuti muli ndi bekale pa Luchenza. Galimoto imayenera kutuluka pa geti 5 koloko m'mawa, kutsitsa buledi pa Chonde, pa Chitakale, pa boma la Mulanje, n'kukamalizira ku Limbuli isanakwane hafu pasiti 7. Eni matiyirumu a ku Limbuli akudandaula kuti buledi akumafika anthu atamwa kale tiyi ndi zitumbuwa, ndipo awiri ayamba kugula kwa ena. M'mwezi wa June wokha galimoto yachedwa masiku 9.

Musanagwire cholembera, tengani buku la mlonda wa pa geti, momwe amalemba nthawi imene dalaivala wafika ndi imene galimoto yatuluka. Ngati buku lotere mulibe, yambani lero, ndipo kalatayo idikire kaye mpaka mutakhala ndi zolembedwa za masabata angapo. Ikani pambali pake malisiti amene ogula amasaina, makamaka ngati amalembapo nthawi. Ndiye unikani masiku 9 aja limodzilimodzi. Mwina mupeza kuti masiku awiri dalaivala anafika 4:40 koma buledi anali akadali mu uvuni, galimoto n'kutuluka 5:45. Tsiku lina kunali chiperoni, nkhungu itatseka msewu moti nyali sizimaonetsa patali, ndipo munthu wanzeru aliyense akanayenda pang'onopang'ono. Tsiku linanso anakaima pa mzere wa mafuta chifukwa dzulo lake simunapereke ndalama ya dizilo. Atsala masiku 5 amene iye mwini anafika pa ntchito mochedwa, pakati pa 5:25 ndi 5:50.

M'kalata mulembe masiku 5 okhawo. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kulemba onse 9 kuti nkhani ioneke yaikulu, koma dalaivala akangoonamo tsiku la uvuni lija, aona kuti mukumusenzetsa zolakwa za ena, ndipo kalata yonse aitaya m'maganizo. Nkhaniyo ikadzafika ku ofesi ya zantchito, tsiku lomwelo ndi limene lidzakufooketseni.

Apa ndi pamene pagona mfundo imene ndikufuna muigwiritse. Muyezeni dalaivala ndi nthawi yotuluka pa geti komanso mphindi zimene akutha pa malo otsitsira, osati ndi nthawi yofika ku Limbuli yokha. Nthawi yotuluka ili m'manja mwake. Nthawi yofika ili m'manja mwa mvula, apolisi a pa lodibuloko, ndi wagolosale amene akuwerenga ndalama zachitsulo mosafulumira. Mukalemba kuti "muzifika ku Limbuli 7:30 zivute zitani", munthu amene wanyamuka mochedwa ndi theka la ola adzafuna kubweza nthawiyo ndi liwiro. Msewu umenewu m'mawa umakhala ndi akabaza, ana a sukulu ndi anthu opita kukathyola tiyi oyenda m'mphepete mwa phula. Buledi wochedwa mukhoza kupepesa, koma mwana wogundidwa pa Chitakale simungamubweze, ndipo kalata yanuyo ndi imene idzakhale itamuthamangitsa dalaivalayo.

Kenako khalani naye pansi musanalembe. Muitanireni mu ofesi, osati pamaso pa opakira, mumuonetse masikuwo ndi kumufunsa kuti, "Bambo, masiku awa chinachitika n'chiyani?" Mukatero mvetserani. M'chitsanzo chathuchi tinene kuti masiku atatu mwa asanuwo anali otsatira tsiku limene munamutuma ku Limbe masana kukatenga ufa, n'kubwerako 8 koloko usiku, chonsecho kwawo ndi kumudzi kumene amapalasa njinga mumdima. Munthu amene wayamba ntchito 4:40 m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku wagwira maola oposa 15. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito mwa masiku onse, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa. Choncho pa masiku atatuwo mbali ina ya vuto ndi yanu. Awiri otsalawo ndi Lolemba, ndipo iye akuvomera kuti anangogonereza.

Tsopano kalata ikhoza kulembedwa. Ilembeni m'chinenero chimene dalaivalayo amawerenga bwino. Ngati kampani yanu imasunga makalata a Chingerezi, lembani onse awiri, koma ya Chichewa ikhale m'manja mwake. Thunthu lake likhoza kumveka chonchi:

"Bambo Uje, malinga ndi zimene tinakambirana Lachisanu, buku la pa geti likuonetsa kuti pa 5, 9, 12, 19 ndi 23 June munafika pa ntchito 5 koloko itadutsa, ndipo galimoto inatuluka mochedwa ndi mphindi zapakati pa 30 ndi 55. Chifukwa cha zimenezi makasitomala a ku Limbuli analandira buledi mochedwa. Masiku ena anayi amene galimoto inachedwa sitikuwawerengera inu. Tamva zimene mwafotokoza zokhudza maulendo a ku Limbe.

"Kuyambira Lolemba likubwerali, kwa masabata 6, tikupempha kuti muzifika pa geti 4:40, muziona madzi, oilo, matayala ndi nyali, ndipo galimoto izituluka 5:00. Pa malo aliwonse otsitsira musamapitirire mphindi 10 pokhapokha pali chifukwa, chimene muzilemba pa lisiti. Mukaona kuti muchedwa, imbirani kapitawo isanakwane 4:30. Sitikukupemphani kuthamangitsa galimoto kuti mubweze nthawi.

"Ife tikulonjeza kuti buledi azikhala atapakiridwa pofika 4:50, mafuta azithiridwa dzulo lake, tizikupatsani mayunitsi a foni sabata iliyonse, ndipo tsiku la ulendo wa ku Limbe muziweruka mukangobwerako ku Limbuli, ku Limbeko n'kupita wina. Tizikumana Loweruka lililonse kuona bukuli limodzi. Ngati m'masabata 6 amenewa simuchedwa koposa kawiri popanda chifukwa chomveka, nkhaniyi itha ndipo tidzakulemberani kutero. Ngati kuchedwa kupitirira, tidzakuitanani kuti mudzayankhepo, ndipo pakhoza kutsatira chenjezo lolembedwa kapena chilango china malinga ndi malamulo."

Onani kuti mulibe mawu oti "ndinu waulesi" kapena "simusamala ntchito". Mawu otere munthu sangawakonze, angowakana. Koma 4:40 akhoza kuikwaniritsa mawa lomwe. Masabata 6 si lamulo la boma ayi, ndi nthawi imene ine ndimaona kuti ndi yokwanira: imadutsa malipiro a kumapeto kwa mwezi, nthawi imene ena amatayirira, komanso imapereka ma Lolemba okwanira kuti muone ngati vuto lija latha. Sabata imodzi siionetsa kanthu, ndipo miyezi inayi nonse mudzakhala mutaiwala. Mpata wochedwa kawiri ndauikamo dala. Njinga imaphulika tayala, mwana amadwala usiku. Dongosolo losalola kuphonya ngakhale kamodzi dalaivala amalizindikira msanga kuti ndi msampha.

Ndime ya malonjezo anu ija musaichotse poganiza kuti ikukuchepetsani. Ndi imene imapangitsa dalaivala kukhulupirira kuti mukufunadi kuti akhalebe pa ntchito. Koma mukailemba muisunge. Buledi akachedwa mu uvuni Lachiwiri, mlonda alembe zimenezo m'buku ndipo tsikulo lisawerengedwe.

M'munsi musiye malo atatu: osaina inu, osaina iye, ndi mizere ingapo yoti alembe maganizo ake. Pamwamba pa siginecha yake mulembe kuti kusaina kukutanthauza kuti walandira kalata, osati kuti wavomereza zonse. Ambiri amakana kusaina poopa kuti akudzimangirira okha. Akakanabe musamukakamize. Muwerengereni kalatayo pamaso pa mboni imodzi, makamaka wantchito mnzake amene iye wasankha, mboniyo isaine kuti yaona, ndipo iye atenge kope yake.

Chinthu chimodzi chimene ndimachiona m'makalata ambiri ndipo chiyenera kuleka ndi chakuti, "mukachedwa tizikudulani K5,000 pa tsiku". Gawo 56 la lamulo lija limaletsa olemba ntchito kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango. Limalola kusamulipira nthawi imene wajomba popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka, koma zimenezo n'zosiyana ndi kudzipangira mtengo wa chilango. Zilango zimene gawoli limatchula ndi chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa kaye pa ntchito ndi kutsitsidwa pa udindo.

Pa kukumana kwa Loweruka, mphindi khumi zikwanira. Tsegulani buku, werengani nthawi za masiku 6, lembani mzere umodzi ndipo nonse musaine. Ngati galimoto ikutuluka 5:00 tsiku lililonse koma ku Limbuli ikufikabe 8 koloko, funsani ogula nthawi imene ikufika pa malo aliwonse kuti muone pamene nthawi ikutayikira. Ikamatayika paliponse pang'onopang'ono, ndiye kuti malo otsitsira achuluka ndipo ndandanda yanu ndi imene ikufunika kukonza. Ikamatayika malo amodzi okhaokha, tinene mphindi 40 pakati pa boma ndi Limbuli, mwina galimoto ikunyamula matola. Imeneyo ndi nkhani ya khalidwe, yofunika kuifufuza payokha, ndipo musailowetse m'kalata ya kuchedwayi mwakachetechete.

Masabata 6 akatha dalaivala atakwaniritsa, mulembereni kalata yaifupi yotseka nkhaniyo ndi kuiika m'failo yake. Akalephera, kalata yoyamba ija sikukupatsani ufulu womuchotsa tsiku lomwelo. Gawo 57 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chokhudza luso kapena khalidwe lake, ndiponso kuti apatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akunenezedwa. Muitaneni polemba, mumuuze masiku amene akuyankhapo, mumupatse nthawi yokonzekera. Wochotsedwa ntchito ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa pa boma, ndipo nkhani ikakanika pamenepo imapita ku khoti la milandu ya zantchito ku Blantyre. Kumeneko udindo woonetsa chifukwa chomuchotsera uli pa inu olemba ntchito, choncho buku la pa geti, kalata yosainidwa ndi mizere ya Loweruka lililonse zisungidwe pamodzi mu failo imodzi.