Momwe mungazolowetsere m'mimba kulandira shuga pa mpikisano wothamanga mtunda wautali

Mphamvu imene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi imayamba kutha mukathamanga mwamphamvu kwa ola limodzi ndi theka. N'chifukwa chake ambiri pa mpikisano wa makilomita 42 miyendo imawalemera akafika cha pa kilomita 30, ngakhale adadya nsima yokwanira dzulo lake.

Yambani ndi kudziwa mlingo wanu. Ngati mpikisano utenga pakati pa ola limodzi ndi maola awiri ndi theka, mukufunika magalamu 30 mpaka 60 a makabohaidireti, ndiye kuti zakudya zopatsa mphamvu monga shuga, pa ola. Ukapitirira apo, monga pa mpikisano wa Comrades wa ku South Africa, mutha kufika pa 90. Koma matumbo amangolowetsa shuga wa mtundu wa gulukosi wokwana magalamu pafupifupi 60 pa ola, wotsalayo amangokhala m'mimba n'kumakuvutitsani. Wofuna kupyola 60 asakanize gulukosi ndi shuga wa mtundu wina wotchedwa fulakitosi, chifukwa awiriwa amalowa m'magazi kudzera m'njira zosiyana. Mwayi wake, shuga wathu wothira mu tiyi ali nazo zonse ziwiri, theka ndi theka.

Tiyerekeze kuti mumamaliza makilomita 42 m'maola anayi ndipo mukufuna kufika pa 60. Thirani masupuni a tiyi 8 a shuga, osasefukira, m'botolo la madzi la theka la lita, ndi kamchere pang'ono. Amenewo ndi magalamu pafupifupi 30. Nthochi imodzi yakupsa ya saizi yapakati ili ndi pafupifupi 25. Botolo limodzi ndi nthochi imodzi pa ola, mwafika pa 55, pafupi ndi 60.

Musayambire pomwepo ayi. Sankhani tsiku limene mumathamanga mtunda wautali pa sabata. Masabata awiri oyamba imwani botolo lokha pa ola, pang'onopang'ono mphindi 15 zilizonse, kuyambira musanatope. Masabata awiri otsatira onjezani theka la nthochi, kenako nthochi yonse. Nthawi zina yeserani pa liwiro lenileni la mpikisano komanso dzuwa likuswa mtengo, pakuti pamenepo magazi ambiri amapita ku minofu ndi kukhungu, matumbo n'kumagwira ntchito mwaulesi. Chimene m'mimba mudalandira mukuthamanga mwachifatse m'mawa kukuzizira, mutha kuchikana masana a mu Okutobala.

Mukamva madzi akukhuchumuka m'mimba, mimba itatupa, nseru, kapena kufuna kuthamangira kutchire, mwafulumira. Bwererani pa mlingo wa sabata yatha, mukhalepo masabata ena awiri. Nthawi zambiri vuto limakhala kumwa botolo lonse kamodzi, kapena kumeza kapaketi ka jelo, shuga wonga phala wogulitsidwa kwa othamanga, popanda madzi. Ogula jelo awerenge magalamu olembedwa pa paketi, amasiyana.

Tsiku la mpikisano tengani zomwezo mudayesera, ngakhale patebulo la m'njira pataikidwa chakumwa chokopa chotani. Odwala matenda a shuga ayambe aonana ndi dokotala asanayese zimenezi.