Momwe mungapewere mawu onyenga polemba imelo kwa ogulitsa katundu a ku Mozambique

Amalonda ambiri a ku Nsanje ndi ku Bangula amaoda katundu ku Beira kapena ku Tete, ndipo amalemba imelo m'Chingerezi pomwe wolandirayo amaganiza m'Chipwitikizi. Vuto limabwera pa mawu olembedwa mofanana m'zilankhulo ziwirizi koma osiyana tanthauzo, makamaka pa tsiku lotumiza katundu ndi pa mtengo.

Choyamba, musanatumize imelo, fufuzani mawu akuti "eventually". Inu mukutanthauza kuti zichitika ndithu ngakhale mochedwa, koma m'Chipwitikizi "eventualmente" amatanthauza kuti mwina zichitika, mwina ayi. Mukalemba kuti mudzafuna "eventually" matumba 200 a mchere, wogulitsa angamve kuti simunatsimikize, ndipo sakusungirani. Iyenso akalemba kuti atumiza "eventually", musawerengere kuti walonjeza. Chotsani mawuwo, mulembe tsiku lenileni, mwezi m'zilembo, makamaka ngati mukufuna kuti katundu adutse pa chipata cha Marka mvula isanawononge msewu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatayikira, samalani ndi "tax". M'Chipwitikizi "taxa" kawirikawiri ndi chindapusa cha ntchito inayake kapena mlingo wa peresenti, pomwe msonkho ndi "imposto", ndipo msonkho wa pa malonda umatchedwa IVA, umene ku Mozambique uli pa 16 peresenti kuyambira mu 2023. Tiyerekeze kuti thumba lililonse ndi mametikashi 500, ndiye kuti matumba 200 ndi mametikashi 100,000. Wogulitsa walemba "taxes included", m'mutu mwake muli ndalama zopakizira ndi zosungira katundu. Dalaivala wanu akafika ku nyumba yosungiramo katundu akupeza kuti pawonjezeka 16,000 ya IVA, galimoto n'kuima masiku mukusakasaka ndalamazo. Chizindikiro chokuchenjezani ndi chakuti imelo yonse sinatchulepo IVA. Zikatero musatumize khobidi, koma pemphani chikalata chotchedwa "factura pró-forma" choonetsa mtengo wa katundu, IVA ndi mayendedwe, chilichonse pa mzere wake.

Chachitatu, musadabwe wogulitsa akalemba "we pretend to deliver". Sakunamizira ayi, chifukwa m'Chipwitikizi "pretender" ndi kukhala ndi cholinga. Komabe cholinga si pangano, choncho m'funseni tsiku. Pokambirana zotsitsa mtengo pewaninso "compromise", popeza "compromisso" ndi lonjezo lomanga, ndipo iye angamve kuti mwavomera mtengo wake.

Chomaliza, pansi pa imelo ikani mzere wachidule wa Chipwitikizi woti wogulitsa adzaze tsiku loperekera katundu ndi mtengo wonse pamodzi ndi IVA:

```
Confirme por favor: data de entrega __; preço total com IVA __.
```

Ngati wogulitsayo amalankhula Chisena, monga ambiri a ku Mutarara ndi ku Beira, muimbireni foni mubwereze tsiku ndi ndalama, kenaka mumupemphe kuti zomwe mwagwirizanazo azilembenso pa imelo musanalipire.