Nkhuku zinafa, m'buku la kalabu munalembedwa kuti "zitemeredwe"

Chitopa chitalowa m'midzi ya dera langa mwezi wa Sepitembala, ndinayamba ndafunsa buku la maminitsi ndisanafunse za nkhuku. Makalabu atatu amene ndinawayendera onse anali atakambirana za katemera mu Julaye, nthawi yake yeniyeni. Ndalama anasonkha. Ku kalabu ina anali atawerenga ndi nkhuku zomwe, khomo ndi khomo. Koma palibe nkhuku imene inalandira dontho m'diso, ndipo chifukwa chake ndinachipeza pa mzere umodzi wa m'buku: "Kunagwirizanidwa kuti katemera agulidwe ndipo nkhuku zonse zitemeredwe nthenda isanafike."

Werenganinso mzerewo, mufunse kuti ndani. Agule ndani? Atemere ndani? Muli ntchito ziwiri koma mulibe munthu ngakhale mmodzi. Kamchira aka ka -idwa ndi -edwa kamachotsa wochita ntchito n'kusiya ntchito yokha ili chilili. Msungichuma anawerenga n'kuganiza kuti wapampando abwera kudzatenga ndalama. Wapampando ankati katemera ndi nkhani ya wotemera, uja tinamuphunzitsa chaka chatha. Wotemerayo amadikira kuti wina amubweretsere botolo, poti iye ndalama sasunga. Mlembi yekha ndiye anagona tulo tabwino, chifukwa zake anali atalemba.

Katemera wa chitopa wa I-2 sadikira kuti anthu amvane. Timatemera miyezi inayi iliyonse, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, ndipo nkhukuyo imafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti thupi lake likhwime. Katemerayu ndi woteteza, sachiza. Nkhuku ikayamba kuodzera, kugwetsa mapiko ndi kutsekula zobiriwira, dontho lija silithandizanso. Ndiye mzere wopanda mwiniwo unadya Julaye, unadya Ogasiti, ndipo pamene anthu amadzidzimuka n'kuthamangira ku ofesi ya za ziweto anali atakwirira kale zoyamba. Mayi wina anataya thadzi limene amadalira mazira ake pogula sopo ndi mchere. Wina amasunga atambala kuti agulitse pa Khirisimasi apeze fizi ya Januwale. Ndalama zosonkha zija zikadali m'kachikwama ka msungichuma mpaka lero, zosakhudzidwa.

Chimene chimanditopetsa n'choti chizolowezichi sitikuchiona ngati vuto, tikuchiona ngati ulemu komanso sukulu. Tinakula tikumva makalata a ku maofesi akuti "mukudziwitsidwa", "mukupemphedwa", "zikuyembekezereka kuti", ndiye mlembi wa kalabu akagwira cholembera amafuna kuti naye amveke chimodzimodzi. Munthu yemweyo pakhomo pake sanena kuti madzi atungidwe. Amaitana mwana ndi dzina, n'kumuuza kuti tenga ndowa upite ku mjigo. Akangokhala pa benchi la msonkhano, mayina onse amathawa.

Bambo wina wachikulire, mlembi wa imodzi mwa makalabuwa, sanagwirizane nane nditamuonetsa mzerewo. Anati: "Alangizi, inu mukufuna ndizilemba kuti apampando achite chakuti, ngati ndikutuma mwana? Amenewa ndi a malume awo a mkazi wanga. Ndiponso mutu umodzi susenza denga, ntchito ya gulu ndi ya tonse." Kenaka anayamba kundifotokozera za chaka china pamene analemba dzina la munthu m'buku kuti akabweza ngongole pofika tsiku lakuti, munthuyo n'kukwiya miyezi iwiri osamupatsa moni ngakhale pa maliro. Ndinamumvetsa ndithu. Koma ndinamufunsa kuti ngongole ija inabwezedwa kodi? Anaseka, n'kuti munthuyo anabweza. Za denga ndinamukumbutsa kuti posenza denga aliyense amadziwa mbali imene wagwira, ndipo pamakhala wina wofuula kuti tiyeni. Ulemu sutayika polemba dzina. "Apampando adzapita" ndi mawu aulemu okwanira, komanso akutiuza amene apite.

Ena ndikawauza zimenezi amangowonjezera "ndi" kumapeto: "katemera adzagulidwa ndi msungichuma." Apo mwayesako, koma "ndi" wathuyu amanyamula katundu wambiri. "Adzagulidwa ndi msungichuma" ndi "adzagulidwa ndi ndalama za kalabu" zikumveka mofanana, pamene woyambayo ndi munthu, winayo ndi chogulira. Maminitsi athu timawerenga mokweza pansi pa mtengo, ana akulira, ena akubwera mochedwa. Amene wamva theka la chiganizo amve dzina lake poyamba: "Msungichuma adzagula katemera."

Vuto linzake ndi mawu ochita opanda manja. M'mabuku omwewo ndinapeza "komiti ionetsetse", "mamembala alimbikitsidwe", "nkhaniyi iunikidwe", "tichitepo kanthu". Kuonetsetsa kumaoneka bwanji munthu akamakuchita? Mungamupeze wina panjira n'kudziwa kuti uyu akuonetsetsa? Koma kugula, kunyamula, kudontheza, kuwerenga, kuimba foni, kutsekera nkhuku m'khola, zonsezi mukhoza kuziona ndi maso, ndipo pa msonkhano wotsatira mukhoza kufunsa kuti mwagula kapena simunagule. Amene anauzidwa kuti aonetsetse amayankha kuti tikuyesetsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Nalo liwu lakuti "komiti" ndi bulangete lofunda anthu khumi. "Tidzagula" ndi chimodzimodzi: ife tonse, ndiye kuti palibe.

Sindikuti -idwa ndi woletsedwa. Mbuzi ikasowa usiku mulemba kuti yabedwa, poti wakubayo simukumudziwa. Koma pa ntchito imene isanachitike, imene mukufuna kuti wina adzuke m'mawa akaichite, wochitayo mukumudziwa, ndipo ngati simukumudziwa ndiye kuti msonkhano sunathe, musatseke ndi pemphero.

Mzere uja tinaulembanso limodzi ndi bambo aja, pokonzekera katemera wa Novembala wa nkhuku zotsala. Unasanduka ziganizo zinayi, chilichonse ndi mwini wake, ndipo m'buku tinaika mayina enieni pambali pa maudindo. Msungichuma adzapereka ndalama za katemera ndi za thiransipoti kwa wotemera Lolemba m'mawa. Wotemera adzagula katemera Lachiwiri, adzakulunga botolo m'nsalu yonyowa ndi kulinyamula m'dengu kuti lisatenthedwe. Mlembi adzauza khomo lililonse Lachiwiri madzulo kuti mwini nkhuku asatsegule khola Lachitatu m'mawa. Wotemera adzadontheza katemera Lachitatu kuyambira mbandakucha, ndipo mlembi adzalemba chiwerengero cha nkhuku za khomo lililonse. Poilemba ndi pamene tinazindikira kuti nkhani yotsekera nkhuku inalibe mwini kuyambira kale. Chiganizo cha -edwa chija chinabisa ntchito yathunthu, ndipo wotemera akanafika n'kupeza nkhuku zili kutchire.

Alembi, musanatseke buku, dutsani mzere uliwonse ndi cholembera, muzungulize mawu onse othera -idwa, -edwa, -idwe ndi -edwe. Pa lililonse funsani mokweza kuti ndani, liti. Lembani dzina limodzi kutsogolo, osati awiri, ndipo mwini dzinalo avomere ndi pakamwa pake anthu akumva. Ngati palibe pa msonkhanopo, musamulembe, sankhani amene alipo. Mauthenga a pafoni nawonso chimodzimodzi. Makalabu amene akufuna ndidzaone mabuku awo abwere nawo pa msonkhano wa alimi otsogola mwezi uno, wonyamula bukulo akhale mlembi.